Rula yatsutsa buku: kayalidwe ka lipoti la kufulumira kwa diso ndi khutu

*Aphunzitsi, ndine wophunzira za chipatala kuno ku Chipata. M'kalasi tinayesa nthawi imene munthu amatenga kuti agwire rula ya masentimita 30 ikamagwa. Tinalipo anthu 12. Aliyense anayamba ndi maulendo 10 akuyang'ana rula, kenako maulendo 10 atatsinzina, wogwetsa akunena kuti "gwira!" Buku limati khutu limafulumira kuposa diso, koma kwa ife zatembenuka: poyang'ana tinkagwira cha pa masentimita 18, pomva cha pa 21. Ndatumiza pepala la manambala athu. Lipoti ndiliyale bwanji, kuyambira pa haipothesisi mpaka pa zofooka za kafukufukuyu? Anzanga akuti tingosintha haipothesisi kuti igwirizane ndi zimene tapeza.*

*Wophunzira wa ku Kapata*

Haipothesisi musaisinthe. Isiyeni mmene munaiganizira rula isanagwe koyamba. Pepala lanu ndaliwerenga lonse, ndipo manambala ali mmenemo angatulutse lipoti labwino kuposa la gulu limene zinawayendera ngati mmene buku likunenera, chifukwa inu muli ndi chinthu chenicheni choti mufotokoze. Woika mamalikisi safuna kudziwa ngati mwafanana ndi buku. Amafuna kuona ngati mukudziwa chimene munayeza, ndi chimene rula ya masentimita 30 ili m'dzanja la mnzanu singathe kuyeza. Kulemba haipothesisi mutaona kale zotsatira ndi kunama, ngakhale manambala onse atakhala oona, ndipo munthu amene mawa adzalemba m'mafayilo a odwala asazolowere zimenezo.

Lipoti lanu mudzalilemba m'Chingelezi, pansi pa mitu yodziwika ija: `Introduction`, `Methods`, `Results`, `Discussion`. Koma muliganizire ngati nkhani imodzi. Chigawo choyamba chimalonjeza kuyerekeza zinthu ziwiri, chachiwiri chimanena mmene munaziyerekezera, chachitatu chimapereka chimene chinatuluka, ndipo chomaliza chimafunsa ngati kuyerekezako kunali kwachilungamo. Chiganizo chilichonse chimene sichikhudza diso, khutu ndi rula, chichotseni.

Ophunzira ambiri amayamba ndi ndime yotamanda ubongo, kuti ndi chiwalo chodabwitsa. Musatayepo nthawi. Yambani ndi ulendo wa uthenga. Rula ikayamba kugwa, kuwala kumafika pa retina kuseri kwa diso, uthenga umadutsa mumtsempha wa diso, umaima pa thalamasi, n'kukafika kuchigawo cha ubongo cha kunkhongo chimene chimaona. Kuchokera kumeneko ubongo umalamula dzanja: lamulo limachoka kuchigawo choyendetsa ziwalo, limawolokera mbali ina ya thupi m'munsi mwa ubongo, limatsika mumsana cha pakhosi, n'kudutsa m'mitsempha ya mkono mpaka zala zitatseka. Kuchoka pachigawo cholamula chija kufika paminofu ya dzanja ndi pafupifupi mamilisekondi 20 basi. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi, ndipo kugwira rula kumatenga pafupifupi 200. Choncho nthawi yambiri imathera polandira uthenga ndi pokonza yankho, osati mumkono.

Apa ndi pamene haipothesisi yanu imabadwira. Theka lachiwiri la ulendo, kuchoka kuubongo kupita kuzala, ndi limodzimodzi kaya mwaona kaya mwamva. Chosiyana ndi polowera. M'diso, kuwala kumayambitsa mndandanda wa zochitika za makemikolo m'maselo a retina uthenga usanatuluke, ndipo zimenezi zimadya mamilisekondi makumi angapo. M'khutu, phokoso limagwedeza titsitsi ta maselo a mkati, ndipo kugwedezekako kumatsegula tizipata ta maselowo mwachindunji, m'kanthawi kosakwana milisekondi imodzi. N'chifukwa chake mabuku amaika khutu patsogolo ndi mamilisekondi pafupifupi 30 mpaka 50. Ngati mukufuna mbiri pang'ono, mizere iwiri yakwana: Hermann von Helmholtz anayeza liwiro la uthenga mumtsempha wa chule mu 1850 n'kupeza kuti ndi pafupifupi mamita 30 pa sekondi, ndipo Franciscus Donders wa ku Holland, mu 1868, anasonyeza kuti ukayerekeza ntchito ziwiri zosiyana pa chinthu chimodzi chokha, kusiyana kwa nthawi kumakuuza utali wa chinthu chimodzicho. Mawu akuti "chimodzi chokha" muwasunge, tidzawafuna kwambiri kutsogoloku.

Haipothesisi ikhale chiganizo chimodzi chimene chingathe kugwa. "Padzakhala kusiyana pakati pa diso ndi khutu" n'chofewa kwambiri, chifukwa chilichonse chimene chingatuluke chimalowamo. Yanu inene mbali, inene choyezedwa, inene chifukwa: anthu omwewo adzagwira rula msanga akamva mawu kuposa akaona, poyeza m'mamilisekondi, chifukwa khutu limasandutsa phokoso kukhala uthenga msanga kuposa mmene diso limachitira ndi kuwala. Pansi pake lembani inzake yotsutsa, yoti palibe kusiyana, chifukwa masamu a kutsogolo amayesa imeneyo. Tchulaninso chimene munasintha dala, chomwe ndi njira ya chizindikiro, ndi chimene munayeza, chomwe ndi nthawi.

Chigawo cha njira ndi chimene ndikufuna muchilembe mosathamanga. Cholinga chake n'choti wophunzira wa ku Katete kapena ku Lundazi, amene sanali m'kalasi mwanu, atenge rula yake n'kuchita ndendende zimene munachita. Nenani za anthu: analipo 12, amuna angati ndi akazi angati, a zaka zoyambira pati mpaka pati, ankagwiritsa dzanja liti, ovala magalasi anavala kapena ayi, ndipo anavomera okha. Mayina musalembe, apatseni manambala 1 mpaka 12. Kenako nenani zimene maso anu anaona. Mkono unatsamira m'mphepete mwa desiki kapena unali m'malere? Ngati unali m'malere, munthu amatha kutsitsa dzanja kuthamangitsa rula. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinatalikirana masentimita angati? Ziro ya rula inali pamwamba pa chala kapena pansi pake, ndipo munkawerenga pamwamba kapena pansi? Wogwetsa anali mmodzi kapena munkasinthana? Ankadikira masekondi angati asanasiye, ndipo ankasinthasintha kapena anali ndi kayimbidwe kake kodziwika? Munayeserera kaye musanayambe kulemba?

Mwina zina mwa zimenezi simunazikonze, zinangochitika. Lembani choncho. Ngati mpata wa zala simunauyeze, nenani kuti sunayezedwe. Kulemba kuti unali masentimita 2 pamene palibe anauyeza kumabisa chinthu chimene mudzachifuna pofotokoza zotsatira. Lembaninso poyera kuti onse anayamba ndi kuyang'ana n'kutsiriza ndi kumva.

Rula imayeza mtunda, koma funso lanu ndi la nthawi. Chinthu chikamagwa chokha, nthawi imapezeka motere, `d` ndi mtunda m'mamita, `g` ndi 9.81, ndipo `t` imatuluka m'masekondi:

```
t = √(2d / g)
```

Masentimita 18 amapereka mamilisekondi 192, masentimita 21 amapereka 207. Mu `Excel`, ngati masentimita ali mu `A2`:

```
=SQRT(2*(A2/100)/9.81)*1000
```

Pali msampha apa umene umagwira ambiri. Rula imayamba pang'onopang'ono n'kumathamangira, choncho masentimita sakula mofanana ndi nthawi. Tiyerekeze munthu wagwira pa 10 ndi pa 30. Mukatenga avareji ya masentimita mupeza 20, imene ndi mamilisekondi 202. Koma mukasandutsa uliwonse payekha mupeza 143 ndi 247, ndipo avareji yake ndi 195. Kusiyana kwa 7 kumaoneka kochepa mpaka mutakumbukira kuti nkhani yanu yonse ndi ya mamilisekondi 15. Sandutsani ulendo uliwonse kukhala nthawi kaye, masamu ena abwere pambuyo. Dziwaninso kuti cha pa masentimita 20, sentimita imodzi ndi pafupifupi mamilisekondi 5. Kusiyana konse kumene mwapeza ndi masentimita atatu a rula.

Tsopano tiyeni tione munthu nambala 8 papepala lanu, ali kuyang'ana. Anagwira pa 17, 19, 16, 18, 4, 20, 17, kenako rula inamupulumuka n'kugwa pansi, kenako 18 ndi 19. Manambala awiri apa akufuna lamulo. Masentimita 4 ndi mamilisekondi 90. Uthenga sungachoke m'diso, kudutsa muubongo n'kufika kuzala m'nthawi imeneyo. Munthuyu sanayankhe chizindikiro, anangolosera kuti rula yatsala pang'ono kugwa, zala n'kuyamba kutseka kale. Ngakhale pa mpikisano wothamanga wa dziko lonse, wothamanga akanyamuka pasanathe mamilisekondi 100 mfuti italira, amati waba poyambira. Mamilisekondi 100 pa rula ndi masentimita 4.9, ndiye lamulo lanu lingakhale lakuti chilichonse chosafika masentimita 5 chichotsedwe.

Ulendo umene rula inagwa pansi ndi wovutirapo. Ambiri amangoufufuta n'kubwereza, koma taganizani chimene mukutaya. Rula ya masentimita 30 imatha pa mamilisekondi 247. Kupulumuka kwake kukutanthauza kuti munthuyo anachedwa kuposa pamenepo, ndipo mukamataya maulendo oterowo mukutaya maulendo ochedwa okhaokha, munthu n'kuoneka wachangu kuposa mmene alili. Njira yabwino ndi kugwiritsa midiyani, nambala ya pakati mukandandalika kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, ulendo wopulumuka uja n'kuuika kumapeto ngati wochedwa kuposa onse. Kwa nambala 8, titachotsa 4 uja, tatsala ndi 16, 17, 17, 18, 18, 19, 19, 20 ndi wopulumukawo. Wachisanu ndi 18, ndiye midiyani yake ndi mamilisekondi 192. Midiyani imayeneranso pa chifukwa china: munthu sangafulumire kupyola malire a thupi lake, koma angachedwe kwambiri maganizo akapita kwina, choncho manambala a nthawi amakhala ndi mchira wautali kumbali yochedwa, ndipo avareji imakokedwa ndi mchirawo. Malamulo awiriwa alembeni m'chigawo cha njira, agwire ntchito mofanana pa diso ndi pa khutu, ndipo muwerenge maulendo angati anachotsedwa ndi angati anapulumuka mbali iliyonse. Popeza malamulowa mukuwaika mutatolera kale manambala, nenani zimenezonso.

Chigawo cha zotsatira chikhale chachifupi ndi chouma. Musafotokozemo chifukwa chilichonse. Choyamba kumbukirani kuti muli ndi anthu 12, osati 240. Maulendo 10 a munthu mmodzi si anthu 10, ndi munthu yemweyo ndi diso lomwelo ndi tulo take ta usiku womwewo. Mukawaika onse mu masamu ngati anthu osiyana, masamuwo adzakunamizani kuti muli ndi umboni wochuluka. Aliyense akhale ndi manambala awiri okha: midiyani ya kuona ndi midiyani ya kumva.

Ndatenga midiyani ya kumva ya aliyense n'kuchotsapo ya kuona, ndipo papepala lanu zatuluka motere, kuyambira munthu woyamba: 31, 22, 9, -6, 18, 27, 4, 15, 36, -11, 20, 15. Anthu 10 anachedwa pomva, awiri okha ndi amene anafulumira. Avareji ya kusiyanaku ndi mamilisekondi 15, ndipo kumwazikana kwake, `SD`, ndi 14.14. Popeza munthu aliyense akuyerekezedwa ndi iye mwini, mayeso oyenera ndi a `t` a manambala oyenda awiriawiri. Gawani 14.14 ndi `√12`, mupeza 4.08. Gawani 15 ndi 4.08, mupeza 3.68. Mu `Excel`, mamidiyani a kuona ali mu `B` ndipo a kumva ali mu `C`, 2 akutanthauza mbali zonse ziwiri ndipo 1 akutanthauza awiriawiri:

```
=T.TEST(B2:B13,C2:C13,2,1)
```

M'lipoti mulembe `t(11) = 3.68, p = 0.004`, n'kuwonjezera malire a `95% CI`, amene ndi mamilisekondi 6 mpaka 24. Nambala ya `p` ikungonena kuti, zikanakhala kuti palibe kusiyana kulikonse, kusiyana kwakukulu chonchi sikukanatuluka kawirikawiri mwangozi. Sikunena kuti khutu ndi lochedwa. Ikunena kuti mbali ziwiri za kafukufuku wanu zinasiyanadi, koma chimene chinazisiyanitsa sichikudziwa.

Tebulo limodzi ndi chojambula chimodzi zakwana. Pa chojambula, ine ndimakonda kadontho ka munthu aliyense pa kuona, kadontho kake pa kumva, ndi mzere wolumikiza tiwiriti. Wowerenga amaona yekha mizere 10 ikukwera, iwiri ikutsika, chinthu chimene zipilala ziwiri za avareji zimabisa. Lembani mayunitsi m'mbali, ndipo pansi pake nenani kuti kadontho kalikonse ndi midiyani ya munthu mmodzi.

Pokambirana zotsatira, chiganizo choyamba chiyankhe haipothesisi mosazungulira: zotsatira sizinaichirikize, nthawi ya kumva inali yaitali ndi mamilisekondi 15. Musalembe kuti kafukufuku analephera, ndipo musalembenso kuti mwatsimikiza kuti buku ndi lolakwa. Ntchito yanu tsopano ndi kubwerera kwa Donders n'kufunsa: kodi mbali ziwirizi zinasiyana pa chinthu chimodzi chokha?

Sizinatero, ndipo vuto lalikulu lili pa mawu akuti "gwira!" Munthu akamayang'ana, chizindikiro ndi kugwa kwa rula komweko. Wotchi imayamba nthawi yomweyo imene chizindikiro chaonekera, chifukwa ndi chinthu chimodzi. Akatsinzina, wotchi imayamba zala za wogwetsa zikatseguka, koma chizindikiro chimachokera pakamwa pake. Dzanja ndi pakamwa sizingagwirizane mpaka pa milisekondi. Ngati mawu amatuluka rula itayamba kale kugwa, nthawi imene mwalemba si ya khutu lokha, ndi ya khutu kuphatikizapo kuchedwa kwa wogwetsa. Zili ngati kupimitsa nshawa pa sikelo pamodzi ndi thumba lake, pamene za mnzako anazipima zopanda thumba, kenako n'kumati zako n'zolemera. Tiyerekeze kuti khutu la anzanu linatengadi mamilisekondi 160, monga mabuku amanenera. Kuti pa rula pawerengeke 207, mawu anangofunika kuchedwa ndi mamilisekondi 47, kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi, kamene palibe aliyense m'kalasimo akanakazindikira. Onjezani kuti "gwi" samveka mwamphamvu pachiyambi penipeni ngati kuwomba m'manja, amakwera pang'onopang'ono.

Ndimeyi ndi chitsanzo cha mmene chofooka chimalembedwera. Chimene ndimachiona m'malipoti ambiri ndi mndandanda wa mawu ngati "kulakwitsa kwa anthu", "anthu anali ochepa", "zipangizo zinali zosakwanira". Mawu amenewa angalowe m'lipoti lililonse la sayansi padziko, choncho sanena kanthu za lanu. Chofooka cholembedwa bwino chimanena chimene chinachitika, mbali imene chinakankhira manambala, kukula kwake ngati n'kotheka kukuyerekeza, ndi mmene mungadziwire ngati chinachitikadi.

Za kuchedwa kwa mawu, umboni wina uli kale papepala lanu. Ngati wogwetsa nthawi zina ankafulumira kulankhula, nthawi zina n'kuchedwa, manambala a munthu mmodzi pomva ayenera kumwazikana kwambiri kuposa ake omwe poona. Werengani muone. Ngati munkasinthana pogwetsa, onani ngati anthu awiri aja a -6 ndi -11 anagwetseredwa ndi munthu mmodzi, amene mwina amalankhula asanasiye. Onaninso ngati rula inkapulumuka kawirikawiri pomva. Zimenezi sizitsimikiza kotheratu, koma zimasandutsa kuganizira chabe kukhala mfundo yokhala ndi poimira.

Kumbali ya diso kulinso kanthu, ndipo kakukankhira komweko. Woyang'ana saona rula yokha. Amaona zala za mnzake zikuyamba kumasuka, phewa likusuntha, nkhope ikusintha, ndipo zonsezi zimachitika rula isanayambe kugwa. Ndiye diso linapatsidwa chenjezo limene khutu silinapatsidwe. Ulendo wa masentimita 4 uja wa nambala 8 ukusonyeza kuti kulosera kunalipodi. Mankhwala ake ndi katoni yobisa dzanja la wogwetsa, ndi kusinthasintha nthawi yodikira, mwina pakati pa sekondi imodzi ndi masekondi 4.

Nkhani ya dongosolo ndi yosangalatsa chifukwa ingakankhire mbali zonse ziwiri, ndipo muyenera kuzitchula zonse. Onse anayamba ndi kuona. Kuzolowera kumafulumizitsa munthu, choncho kukanathandiza kumva, kumene kunabwera kachiwiri. Ngati ndi choncho, kuzolowera sikungafotokoze zotsatira zanu, m'malo mwake kunachepetsa kusiyana. Kutopa ndi kunyong'onyeka kumachedwetsa, ndipo kumeneko kukanavulaza kumva. Maulendo 20 ndi ochepa kuti munthu atope kwenikweni, koma ngati munachita masana m'kalasi yamalata m'mwezi wa Okutobala, anthu atangodya nsima, sindingakutsutseni mukakutchula. Mungayese ndi manambala anu omwe: yerekezani maulendo 5 oyamba ndi 5 otsiriza mbali iliyonse. Ngati otsiriza ndi achangu, kuzolowera ndi kumene kunkalamulira. Ulendo wina, anthu 6 ayambe ndi kuona, 6 ayambe ndi kumva.

Pali chinanso chaching'ono chimene ndikuchikayikira. Munthu wotsinzina saona pamene zala zake zili, ndipo ena amazitsegula kwambiri poopa kukhudza rula. Mpata ukakula, zala zimayenda mtunda wautali kuti zitseke. Popeza sentimita imodzi ya rula ndi mamilisekondi 5 okha, kuchedwa pang'ono kotereku kumaoneka. Kamtengo kakang'ono ka muyeso umodzi, koika pakati pa zala musanayambe ulendo uliwonse, kamathetsa nkhaniyi.

Nanga kuchepa kwa anthu? Katchuleni, koma pamalo pake. Anthu 12 anakwana kusonyeza kusiyana, monga `p` akunenera. Mukanakhala ndi anthu 200, mawu a wogwetsa akanachedwabe chimodzimodzi, ndipo mukanangopeza yankho lokhota lomwelo ndi chidaliro chachikulu. Kuchuluka kwa anthu kumachepetsa kumwazikana kwa mwangozi, sikuwongola chinthu chimene chikukankhira mbali imodzi ulendo uliwonse. Chimene gulu lanu likulephera kwenikweni ndi kuimira anthu ena: ndinu achinyamata a kalasi imodzi, ndipo nthawi yoyankha imatalika munthu akamakalamba, choncho manambalawa sangakambe za agogo a kumudzi kapena ana a ku pulayimale. Ngati simunafunse za tulo, tiyi, khofi kapena mowa wa dzulo lake, nenani. Komabe dziwani kuti zinthu zimenezi zimagwira munthu mbali zonse ziwiri, ndipo popeza aliyense akuyerekezedwa ndi iye mwini, sizisokoneza kwambiri funso lanu. Mzere umodzi wazikwanira.

Chofooka china n'cha mtundu wina, ndipo m'lipoti la sayansi ya ubongo sichiyenera kusowa. Simunayeze ubongo. Munayeza zala ndi rula. Zonse zimene munalemba za retina, thalamasi ndi titsitsi ta m'khutu ndi zochokera m'mabuku, ndipo rula imakupatsani nambala imodzi ya ulendo wonse, siingaugawe m'zigawo. Ngakhale khutu likanapambana, simukanatha kunena kuchokera pa rula kuti lapambanira pa retina kapena pena. Kuti muone nthawi imene uthenga wafika kuubongo pamafunika makina a `EEG`, ndipo kuti muone nthawi imene minofu yayamba kugwira ntchito pamafunika `EMG`. Samalaninso ndi liwu lakuti rifuleksi. Kugwira rula si rifuleksi. Rifuleksi ya bondo imene mumayesa ndi kanyundo imakhotera mumsana osadikira ubongo, ndipo n'chifukwa chake imatenga mamilisekondi makumi ochepa chabe. Kugwira rula kumadutsa muubongo ndipo munthu amatha kusankha kusagwira. Ndimaona liwu limeneli litasochera m'malipoti ambiri, ndipo limadyetsa mamalikisi.

Pa zoti zichitike mtsogolo, musalembe kuti pakufunika kafukufuku wina basi. Tchulani chinthu chimodzi chochotsa vuto lalikulu lija, ndicho kupangitsa kuti phokoso ndi kugwa zichokere pa chinthu chimodzi. Rula yachitsulo ingagwiridwe ndi maginito a magetsi a batire, switchi imodzi n'kumasiya rula ndi kuliza kabelu nthawi yomweyo. Anzanu adzati tingogwiritsa laputopu kapena foni. Pulogalamu ngati `PsychoPy` ndi yaulere ndipo ndi yabwino, koma nayo ili ndi kuchedwa kwake: sikirini ya `60 Hz` imasintha chithunzi pa mamilisekondi 16.7 alionse, ndipo mahedifoni a `Bluetooth` kawirikawiri amachedwetsa mawu ndi mamilisekondi oposa 100. Mungasamukire pa kompyuta n'kukapeza khutu likuchedwabe pa chifukwa chomwechi, wogwetsa atangosanduka makina. Ngati mutero, gwiritsani mahedifoni a waya ndipo mulembe mtundu wa makinawo m'chigawo cha njira.

Mutu wa lipoti ndi chidule cha pamwamba muzilembe pomaliza, ngakhale zimakhala patsamba loyamba. Chidulecho ndi ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi: funso, anthu 12 ndi rula, mamilisekondi 192 ndi 207 pamodzi ndi `t` ndi `p`, ndi chiganizo chonena kuti haipothesisi sinachirikizidwe, koma kuchedwa kwa mawu a wogwetsa kukulepheretsa kunena kuti khutu ndi lochedwa. Manambala 192 ndi 207 ndawatenga pa masentimita 18 ndi 21 amene munandipatsa, ndiye muwawerengenso kuchokera pa mamidiyani 12 a mbali iliyonse, muone kuti a m'chidule, a m'tebulo ndi a m'ndime akufanana ndendende. Pepala la manambala lija, ndi 4 wake ndi maulendo opulumuka onse, liikeni kumapeto kwa lipoti mmene lilili, mutangochotsa mayina a anzanu.